Fulashi ikati "ndifomateni kaye", mafayilo anu apita?

Mwalowetsa fulashi mu kompyuta monga mwa masiku onse, koma m'malo moti mafoda anu atseguke, pakutuluka kauthenga aka: "You need to format the disk in drive E: before you can use it." Pansi pake pali mabatani awiri, lina Format disk, lina Cancel. Ambiri amadina loyambalo poganiza kuti kompyuta ikuwauza njira yokonzera vutolo. Dinani Cancel. Nthawi zambiri uthengawu ukamatuluka mafayilo amakhala adakali momwemo, ndipo chimene chimawawononga kwenikweni ndi zomwe mwini fulashi amachita chifukwa cha phuma.

Fulashi ili ngati nyumba yosungiramo katundu yokhala ndi kaundula pakhomo. M'katimo muli timashelefu tambirimbiri, ndipo kaundulayo ndiye amanena kuti chithunzi chakuti chili pashelefu yakuti, kalata yakuti yayambira apa n'kukathera apo. Dongosolo la kaundulayu lili ndi mayina ake: mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32 kapena exFAT, ena amaikidwa NTFS. Koyambirira kwenikweni kuli kachigawo kakang'ono, nthawi zambiri ka mabayiti 512, kamene kamauza kompyuta kuti dongosololi ndi liti ndiponso kuti kaundula ali pati. Kachigawoka kakawonongeka, Windows imasowa poyambira. Simaona katundu amene ali m'mashelefu, ndiye imangoganiza kuti fulashiyo ndi yatsopano, ikufunika kaundula watsopano. Kufomata ndiko kulemba kaundula watsopanoyo, wopanda kanthu.

Chimawononga kachigawoka n'chiyani? Kawirikawiri ndi kusolola fulashi ikadali kulemba, kapena kuthima kwa magetsi fayilo ili pakati pokopedwa, zomwe eni makompyuta a pa desiki opanda batire amazidziwa bwino. Pena ndi polowetsera pamene pakhwepa. Penanso fulashi yangokalamba, pakuti timagawo tosungira ta m'kati mwake timatha mphamvu tikalembedwa ndi kufufutidwa nthawi zambiri. Palinso nthawi imene palibe chawonongeka: fulashi yokonzedwa pa Mac ndi dongosolo la APFS, kapena pa Linux ndi ext4, Windows payokha siitha kuiwerenga, ndipo ikhoza kupempha kuifomata. Imeneyo ingoibwezerani pa makina amene inachokera, muona zonse zilipo.

Tiyerekeze kuti wophunzira wa ku koleji ali ndi fulashi ya 16 GB, muli lipoti lake lomaliza ndi zithunzi za ukwati wa mchemwali wake. Anaisolola mwachangu pamalo osindikizira mapepala, ndipo madzulo ake yayamba kupempha kufomatidwa. Choyamba ayese polowetsera pena ndi kompyuta ina, chifukwa mwina vuto lili pa makinawo. Ngati uthenga ukubwerabe, adine kumanja kwa mausi pa batani la Start n'kutsegula Disk Management. Zimene aone pamenepo ndizo zimuuze ngati pali chiyembekezo. Fulashi ikaoneka ndi kukula kwake koyenera, pafupifupi 14 kapena 15 GB, koma pamalo pa FAT32 palembedwa RAW, ndiye kuti chawonongeka ndi kaundula, ndipo mwayi wopulumutsa mafayilo ndi waukulu. Ikaoneka kuti No Media, kapena kukula kwake ndi 0, vuto lili m'zipangizo za m'kati, makamaka kachipangizo koyendetsa fulashiyo. Pamenepo mapulogalamu a pakhomo sathandiza. Zimafuna akatswiri otha kuwerenga molunjika kuchokera ku kachipangizo kosungirako, ntchito yokwera mtengo kuposa fulashiyo kutalitali.

Wophunzira wathuyu waona RAW. Mnzake mwina amuuza kuti ayendetse `chkdsk E: /f`, koma pa fulashi yotere lamuloli limakonda kuyankha kuti "CHKDSK is not available for RAW drives", ndipo likavomera kugwira ntchito limalemba pa fulashi yomweyo, zimene zingasokoneze zomwe zinali zotheka kupulumutsa. Ine ndimati lisiyeni kaye mpaka mafayilo atatuluka.

Pali mapulogalamu awiri aulere amene amabwera pamodzi, TestDisk ndi PhotoRec, olembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France. Sakongola m'maso, TestDisk ndi zilembo zokhazokha pa galasi lakuda, koma ntchito amaigwira. Mu TestDisk asankhe fulashi yake mosamala poyang'ana kukula kwake, kuti asalakwitse n'kusankha disiki ya kompyuta, kenako alowe pa Advanced. Pali Image Creation, imene imajambula fulashi yonse n'kuiika mu fayilo imodzi yotchedwa `image.dd` pa kompyuta. Izi zimafuna malo a 16 GB, koma n'zofunika kwambiri ngati fulashi ikudukaduka, chifukwa ikafa mawa chojambulacho chikhalapo. Akatero asankhe Boot. Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa: FAT32 imasunga kope lachiwiri la kachigawo koyambirira kaja, nthawi zambiri pa chigawo cha nambala 6. TestDisk imafananiza awiriwa, ndipo List ikatha kuonetsa mafoda, wophunzirayo akhoza kukopa zonse ndi mayina ake omwe. Atakopa, Backup BS imabwezeretsa kope labwinolo pamalo pa lowonongeka, ndipo nthawi zina fulashi imatseguka ngati sipanachitike kanthu.

Kaundula akawonongeka kwambiri, ntchito imatsalira PhotoRec. Iyoyo silabadira kaundula n'komwe. Imayenda fulashi yonse kufunafuna zizindikiro zimene mtundu uliwonse wa fayilo umayambira nazo, kaya JPG, PDF kapena DOCX. Zimene yapeza imaika m'mafoda otchedwa `recup_dir.1`, `recup_dir.2`, ndipo mayina akale amatayika: chithunzi cha mkwatibwi chimatuluka ndi dzina longa `f0048216.jpg`. Lipoti lija angalipeze m'makope angapo, akale ndi atsopano, ndipo adzafunika kutsegula limodzilimodzi. Zithunzi zimabwera bwino kawirikawiri. Mavidiyo akuluakulu ndi mafayilo amene anasungidwa m'zidutswa zomwazikana ndiwo amakonda kutuluka oduka. Chachikulu n'chakuti zopulumutsidwazo azisunge pa kompyuta kapena pa disiki ina. Akazisunga pa fulashi yomweyo, zikhala zikulembedwa pamwamba pa zimene sizinapezekebe.

Nanga amene anadina kale Format disk? Ngati panali pochongedwa Quick Format, monga zimakhalira nthawi zambiri, chimene chinalembedwa ndi kaundula watsopano basi, ndipo PhotoRec ikhoza kupezabe zambiri malinga ngati simunaikemo zinthu zina. Ngati munachotsa chongacho, Windows kuyambira pa Vista imalemba maziro pa fulashi yonse, ndipo pamenepo palibe pulogalamu imene ingabweze kanthu.

Chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya mafulashi achinyengo, aja otchipa modabwitsa olembedwa 64 GB kapena 128 GB pomwe m'kati muli malo a 8 GB kapena ocheperapo. Amanamiza kompyuta za kukula kwawo. Poyamba amagwira bwino, koma malo enieniwo akadzaza, zatsopano zimatayika kapena kulembedwa pamwamba pa zakale, kaundula yemwe n'kuwonongeka. Munthu amafomata, imagwiranso masiku angapo, vuto n'kubwerera. Zimene zinapitirira malo enieniwo sizinasungidwe chiyambire, choncho palibe chopulumutsa. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamadzaza fulashi yopanda kanthu n'kuiwerenganso, ndipo kamaulula kukula kwake kwenikweni. Fulashi yatsopano iyeseni motero musanaikemo zofunika.

Wophunzira uja akatsegula lipoti lake pa kompyuta n'kuona kuti masamba onse alipo, apo ndiye angaifomate fulashiyo. Asankhe exFAT ngati amanyamula mavidiyo, pakuti FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Ikadzapemphanso kufomatidwa iye akuichotsa bwinobwino ndi Eject, ndiye kuti yatopa, agule ina.