Kukana kubweza ndalama popanda kumunyoza kasitomala

Tiyerekeze kuti mayi wina wagula foni ya K250,000 m'sitolo ina ku Limbe. Patatha milungu itatu foni yasiya kuyaka, ndipo mayiyo wayibweza kuti apatsidwe ndalama zake. Wokonza mafoni wa m'sitolomo wayitsegula napeza kuti munalowa madzi. Madzulo ake mayi uja akulandira uthenga uwu pa WhatsApp: "Foni yanu munaigwetsera m'madzi. Malamulo a kampani salola kubweza ndalama. Katundu wogulidwa sabwezedwa. Bwerani mudzatenge foni yanu."

Mwina mwini sitolo sakulakwa kukana. Koma uthenga wake ukuyamba ndi kumuimba mayiyo mlandu umene palibe anauona. Wokonza uja anaona madzi mkati mwa foni, sanaone foniyo ikugwa. Mwina inanyowa ndi mvula ili m'chikwama, mwina mwana anaitayira tiyi mayi ake ali kudimba. Munthu amene akudziwa mumtima mwake kuti sanagwetse foni m'madzi akawerenga mawu amenewo amangomva kuti akumutcha wabodza, ndipo zotsatira zonse saziwerenganso. Kuyambira pamenepo nkhani si ya foni ayi, yasanduka yoteteza mbiri yake.

Chiganizo chachitatu chija ndiye choopsa kwa mwini sitolo. Lamulo la Competition and Fair Trading Act, limene linakhazikitsidwa m'Malawi mu 1998 ndi kukonzedwanso mu 2024, sililola wamalonda kudzichotsa pa udindo akagulitsa katundu wokhala ndi vuto, ndipo bungwe la CFTC lakhala likuchenjeza eni masitolo za zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Wolemba uthenga uja anali ndi chifukwa chomveka chokanira, koma anachikwirira ndi china chimene sichingamuthandize nkhani ikafika ku bungweli.

Choncho musanayambe kusalaza mawu, dzifunseni kaye ngati kukanako kuli koyenera. Mafoni ambiri amakhala ndi kachizindikiro kakang'ono, ena polowetsera simukhadi, ena pansi pa batire, kamene kamakhala koyera koma kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi. Ndi umboni ndithu, koma pakokha sikokwanira. Nthawi zina kamasintha mtundu ndi chinyezi chabe, ndipo ngati foniyo inali yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kutheka kuti kanafiira ili m'manja mwa mwini wake woyamba. Kodi tsiku logulitsa munakayang'ana kasitomala akuona? Ngati simunatero, wokonza ayenera kupeza zina, monga dzimbiri potchajira kapena zoyera ngati mchere pa tizitsulo ta mkati, n'kuzijambula. Komanso onani lisiti. Ngati mawu akuti walanti sikhudza kuwonongeka kwa madzi sanalembedwe paliponse ndipo palibe anamuuza mayiyo pogula, mwendo wanu umodzi uli m'malere. Zikatero ndi bwino kukambirana zogawana mtengo wokonzera kusiyana ndi kufunafuna mawu okoma ophimbira chigamulo chokayikitsa.

Tinene kuti zonse zili m'malo: foni inali yatsopano, dzimbiri lapezeka, lisiti likunena momveka. Uthenga uja ungalembedwe chotere:

"Mwaswera bwanji mayi? Tikukulemberani za foni imene munagula kuno pa 3 Malichi ndipo munaibweretsa dzulo itasiya kuyaka. Pepani kuti yakusowetsani mtendere isanathe ndi mwezi womwe. Titaiyeza, taona kuti sititha kukubwezerani ndalama. Chifukwa chake ndi chakuti mkati mwake munalowa madzi: kachizindikiro ka polowetsera simukhadi kafiira ndipo potchajira pachita dzimbiri, monga mukuonera pa zithunzi ziwirizi. Walanti ya miyezi 6 imene ili kuseri kwa lisiti lanu imakhudza vuto lochokera ku fakitale, osati la madzi. Chimene tingathe ndi kuikonza. Chipangizo chofunika kusintha ndi cha K35,000, ndipo ntchito yake sitikulipiritsani. Mukafuna kuti wokonza wina wa kukhosi kwanu ayione kaye, mutha kudzaitenga, ndipo akapeza zosiyana ndi zathu tidzaunikanso nkhaniyi. Foni yanu tayisunga bwino. Ndine woyang'anira sitolo, mungandiimbire pa nambala yomweyi."

Taonani pamene pali mawu okana. Ali pafupi ndi poyambira, atangotha malonje ndi kupepesa kumodzi. Ambiri timaopa kunena kuti ayi, ndiye timazungulira: tikuyamikira kuti mumatigula, ndinu kasitomala wofunika, nkhani yanu tayiganizira mozama. Mayi akuwerenga zimenezi mtima uli m'mwamba poganiza kuti ndalama zikubwera, kenaka n'kugwa chagada pa mzere womaliza. Ena ndiye amalemba kuti "tiona" kapena "bwana akabwera" pamene chigamulo chapangidwa kale, ndipo munthu amawononga ndalama ya minibasi katatu kulondola chinthu chimene kulibe. Ulemu wathu umafuna malonje, inde, koma malonje akatha munthu auzidwe zoona.

Kusintha kwakukulu kuli pa mawu awiri okha. "Munaigwetsera m'madzi" akuloza chala mayiyo, pamene "munalowa madzi" akuloza mkati mwa foni. Achiwiriwa akunena zokhazo zimene sitolo ikuzidziwa ndipo ingazionetse, ndipo akumusiyira mayi mpata wovomereza popanda kuchita manyazi. Akhoza kukumbukira yekha za mvula ya Lachiwiri lija. Zithunzi nazo zikugwira ntchito imene mawu akuti "malamulo a kampani" sangaigwire, chifukwa malamulo amenewo kasitomala sanawaonepo, koma lisiti ali nalo m'chikwama ndipo angalitembenuze n'kuwerenga yekha.

Za kupepesa, kamodzi n'kokwanira, ndipo kukhale pa chinthu chenicheni. Mu uthengawu sitolo ikupepesa kuti foni yavuta msanga, sikupepesa chifukwa cha chigamulo chake. Mukalemba "pepani" kasanu, wowerenga amayamba kuganiza kuti chikumbumtima chikukuvutani, ndiye amakakamira.

Chimene eni masitolo ambiri amachiopa ndi chiganizo cholola kuti wokonza wina ayione foniyo. Amati ukatero wadzitsegulira mlandu. Ine ndimaona kuti chiganizo chimenechi ndicho chimasonyeza kuti kukanako n'kwachilungamo, pakuti amene wayeza ndiye yemwenso akupindula ndi zotsatira zake, ndipo kasitomala amadziwa zimenezo. Ngati umboni wanu uli wolimba, wokonza wa kumsika adzapeza dzimbiri lomwelo. Ngati suli wolimba, kuli bwino muzimve kwa iye kusiyana ndi kuzimva m'kalata yochokera ku CFTC. Kungoti musalembe lonjezo limene simudzalisunga. Ngati bwana sanavomereze zokonza osalipiritsa ntchito, chotsanimo chiganizocho, chifukwa uthenga wa pa WhatsApp umasungidwa ndipo mawa udzawerengedwa mokweza pakauntala.

Mayiyo akhoza kuyankha mokalipa ngakhale mwalemba bwino chotere, poti K250,000 si masewera. Pamenepo musabweretse zifukwa zatsopano, monga zakuti bokosi linang'ambika kapena kuti anachedwa kubwera nayo. Zifukwa zikayamba kuchuluka zimaoneka ngati zofukula dala, ndipo chenicheni chija chimafooka. Bwerezani chimodzi chomwecho modekha, mumuitane adzaone mkati mwa foni ndi maso ake wokonza ali pomwepo, ndipo akanena kuti akadandaula ku CFTC kapena ku bungwe la ogula la CAMA, muuzeni kuti ndi ufulu wake ndipo zithunzi ndi lipoti la wokonza mumupatsa kuti apite nazo.