Nkhuku, yunifolomu kapena chimanga: kalata yopita kwa amayi a banki mkhonde

Mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi analembera kalata amayi anzake a Chigwirizano omwe amasonkha nawo ndalama ku banki mkhonde. Dandaulo lawo linali loti ndalama zimangozungulira m'ngongole, chiwongoladzanja n'kumachokera m'matumba mwa mamembala omwewo. Anapempha kuti gulu lipatule gawo la ndalamazo n'kuyamba bizinesi imodzi mwa zitatu, ndipo pa iliyonse anafunsa kuti ndalamayo idzabwerera m'bokosi mwezi uti. Funsoli ndi lomwe magulu ambiri amaliiwala.

Anayamba ndi nkhuku zanyama, zomwe zimakhwima pa masabata 6. Anapiye 100 amadya matumba pafupifupi 8 a makilogalamu 50, ndipo chakudyacho ndicho chimadya ndalama zambiri kuposa anapiye enieniwo. Masabata awiri oyamba amafuna mbaula usiku wonse. Mukaona anapiye aunjikana pamodzi, dziwani kuti akuzizidwa, ndipo apansiwo amafa chifukwa chopsinjika. Akathawira m'mbali atayasamula kukamwa, kutentha kwanyanya. Katemera wa chitopa ndi gumboro sadumphidwa. Koma chimene mayiwa anatsindika ndi msika. Nkhuku ikakhwima siyembekeza, tsiku lililonse imene yakhala m'khola ikudya phindu, choncho ogula apezeke anapiye asanafike. Anati akagula anapiye kumayambiriro kwa Novembala, adzagulitsa pa Khirisimasi. Anakanitsitsanso zopereka nkhuku pangongole kwa akhristu anzawo, poti munthu amachita manyazi kukalonjerera ngongole kwa mkazi wa mkulu wa mpingo.

Kusoka yunifolomu sanachulutsepo mawu. Makina alipo kale kwa mamembala awiri ndipo nsalu siwola, koma malonda ake amatentha mu Seputembala pamene sukulu zikutsegulira, kenaka n'kuzizira.

Bizinesi yachitatu ndi imene imakopa anthu ambiri: kugula chimanga mu Meyi kapena Juni chikatchipa, n'kudzagulitsa mu Januwale kapena Febuluwale njala itavuta. Chimafunika chouma bwino, choti ukaluma njere ithetheke, apo ayi chichita chuku. Anankafumbwe amapewedwa pothira mankhwala kapena posunga m'matumba osalowa mpweya a PICS. Vuto ndi loti gulu lawoli, monga magulu ambiri, limagawana ndalama mu Disembala kuti aliyense agulire feteleza ndi kulipira fizi. Nthawi imeneyo ndalama idzakhala ili m'matumba a chimanga, mtengo usanafike pachimake. Komanso chaka chimene dziko lakolola bwino, mtengowo sukwera kwenikweni.

Ine ndikugwirizana ndi maganizo a mayiwa oti ayambe ndi nkhuku 50 zokha, ndalama zake zilembedwe m'kaundula wapadera, ndipo wosamala khola azilipidwa. Za chimanga anati zidikire mpaka gulu litavomereza kuti gawo lina la ndalama lisamagawidwe mu Disembala.