Mwana wagula zinthu m'gemu ya pafoni: maola 48 oyamba ndiwo ofunika

Makolo ambiri amadziwa kuti kwachitika kanthu mauthenga a ku banki akayamba kulowa motsatizana. Ndalama zachoka kasanu kapena kasanu n'kamodzi madzulo amodzi, ndipo dzina la amene walandira likuyamba ndi `GOOGLE*`. Maganizo amathamangira kwa akuba a pa intaneti. Koma kawirikawiri wogulayo ali m'nyumba momwemo, ndi mwana uja munamupatsa foni kuti asewere gemu inu mukuphika kapena mukucheza ndi alendo.

Magemu ambiri amene ana amakonda, monga Roblox, Free Fire ndi Dream League Soccer, munthu amawatsitsa ulere. Eni ake amapeza ndalama pogulitsa zinthu m'kati mwa gemu momwemo: timakobidi, miyala yonyezimira, zovala za wosewera, kapena mphamvu yopitirizira pamene wagonja. Ku Roblox ndalama zake amazitcha Robux. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amaona kuti timakobidi tina amatipeza akapambana, tina amatipeza akadina batani lowala, ndipo kwa iye kusiyana kwake n'kochepa. Sadziwa kuti kuseri kwa batanilo kuli khadi ya ku banki, kapena khadi yolumikizidwa ku Airtel Money kapena Mpamba, imene inu munalowetsa miyezi yapitayo pogula chinthu china n'kuiiwala komweko. Google Play imasunga khadi imene yagwiritsidwapo ntchito, ndipo ngati simunatseke, kugula kwina kumangofuna kudina basi.

Ine ndimakana kuti mlandu wonse ugwere mwana, ndipo si maganizo anga ndekha. Mu Januwale 2014 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi kampani ya Apple kuti ibweze kwa makolo ndalama zosachepera madola 32.5 miliyoni. Nkhani inali yakuti kholo likalemba pasiwedi kamodzi, foni inkakhala yotseguka kwa mphindi 15, ndipo m'nthawi imeneyo mwana ankagula chilichonse osafunsidwanso. Kholo lina linadandaula kuti mwana wake wamkazi anawononga madola 2,600 m'gemu ya Tap Pet Hotel. Mu Sepitembala chaka chomwecho Google inavomera kubweza madola osachepera 19 miliyoni pa nkhani yofanana, kungoti mpata wake unali wa mphindi 30. Mu Disembala 2022 Epic Games, eni gemu ya Fortnite, anavomera kupereka madola 245 miliyoni obwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu mwanjira zosokoneza. Njira zopemphera ndalama zimene zilipo lero si chifundo cha makampaniwa ayi, zinabwera makolo atadandaula kwa zaka zambiri. Musachite manyazi kuzigwiritsa ntchito.

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka madzulo. Mayi wina wapatsa mwana wake foni ya Android, ndipo pofika nthawi ya chakudya mwanayo wagula kasanu n'kamodzi: kawiri zinthu za madola 4.99, katatu za madola 9.99, ndi kamodzi za madola 19.99. Zonse pamodzi ndi madola 59.94. Mayiyo waona mauthenga a ku banki Lamlungu m'mawa akuchokera ku tchalitchi. Apa nthawi yayamba kale kuwerengedwa, pakuti Google imanena kuti munthu akhoza kubwezeredwa ndi iwo eni ngati maola 48 sanadutse chigulireni. Kwa mayiyu malire ake ndi Lolemba madzulo. Akati adikire Lolemba kuti akafunse ku banki, akaime pamzere, kenako akafunse mnyamata wokonza mafoni kumsika, maola aja atha.

Choyamba alande foniyo ndipo gemuyo isaseweredwenso. Timakobidi tikadali m'gemu osagwiritsidwa ntchito, pempho limakhala ndi mphamvu kusiyana ndi pamene tonse tatha kale. Asafufute gemuyo mwaukali, chifukwa mwina adzafunika dzina kapena nambala ya akaunti ya mwanayo imene ili m'katimo.

Kenako atsegule imelo ya Gmail imene foniyo imagwiritsa ntchito. Kugula kulikonse kumabwera ndi lisiti yakeyake, ndipo pa lisitipo pali nambala yoyamba ndi zilembo `GPA`, dzina la gemu, tsiku ndi mtengo. Mayi wathuyu ayenera kupeza malisiti asanu ndi limodzi. Ngati sakuwaona, mwina m'foni muli maakaunti awiri a Google, mwina ya bambo kapena ya amene anagulitsa foniyo, ndipo pempho limayenda pokhapokha likachokera ku akaunti yeniyeni imene inagula. Apa ndi pamene ambiri amakodwa, makamaka amene akaunti yawo anawatsegulira munthu wina pa tsiku logula foni ndipo pasiwedi sanaisunge.

Pempho lenileni limalembedwa pa `play.google.com`. Munthu amalowa ndi akaunti ija, n'kudina chithunzi chake pamwamba, n'kusankha `Payments & subscriptions`, kenako `Budget & order history`. Pamenepo pamaoneka mndandanda wa zonse zimene zagulidwa, ndipo pambali pa chilichonse pali podina popereka dandaulo. Mawu a pa sikirini amasintha pang'ono nthawi ndi nthawi, koma njira yake ndi yomweyo. Chinthu chilichonse chimafuna pempho lakelake, ndiye mayiyu alemba kasanu n'kamodzi. N'zotopetsa, koma chimene wachidumpha sichibwerera.

Pamene pafunika kusamala kwambiri ndi pa chifukwa chimene munthu amasankha. Google ili ndi makomo awiri osiyana. Lina ndi la zinthu zimene wachibale kapena mnzanu wagula mwangozi kapena popanda chilolezo chanu. Lina ndi la ndalama zimene zachotsedwa ndi munthu amene simukumudziwa n'komwe, ndipo limeneli limapereka masiku 120 ngati ndalama zachoka pa khadi. Poona kuti khomo lachiwirili lili ndi nthawi yaitali, makolo ena amalemba kuti aberedwa. Musatero. Kampaniyo imaona kuti kugulako kunachitikira pa foni yanu yomweyo, pa akaunti yanu, ndipo dandaulo lotere limakanidwa, pamene maola 48 a khomo loyenera akutha. Komanso dandaulo la kubedwa likavomerezedwa, akaunti imene inagula ikhoza kuletsedwa kulipira zinthu pa Google, ndiye kuti mwadzitsekera nokha. Nenani zoona mwachidule, kuti mwana wa zaka zakutizakuti anagula pa tsiku lakuti popanda chilolezo, kuti zogulidwazo sizinagwiritsidwe ntchito ngati zilidi choncho, ndiponso kuti tsopano mwatseka njira yogulira.

Yankho limabwera pa imelo, nthawi zambiri tsiku limodzi lisanathe, koma likhoza kutenga masiku anayi ogwira ntchito. Akavomera, ndalama zimabwerera pa khadi yomwe ija, osati pamanja kapena ku akaunti ina, ndipo zimatenga masiku atatu mpaka asanu ogwira ntchito, nthawi zina khumi. Mayi uja asadabwe ngati makwacha amene alowa asiyana pang'ono ndi amene anatuluka. Google imabweza mtengo umene inalandira, koma banki imasintha ndalamazo pa mtengo wa tsikulo, ndipo kangachepe kamene inadula posintha ndalama zakunja mwina sikabwerera.

Kuvomera si lamulo. Malamulo a Google amanena poyera kuti kawirikawiri sabweza ngati munthu anapereka yekha akaunti kapena khadi yake kwa wina, kapena ngati sanateteze akaunti yake ndi pasiwedi. Ndiye pempho loyamba likhoza kuyenda, koma kholo limene likubwera kachiwiri ndi kachitatu ndi nkhani yomweyo lisayembekezere zambiri.

Nanga maola 48 akadutsa, kapena Google ikakana? Mpata umene watsala ndi eni gemu. Pa tsamba la gemuyo mu Play Store, pansi pa `App support`, pamakhala imelo yawo. Alembereni, muike nambala zonse za `GPA`, masiku, mitengo ndi dzina la akaunti ya mwana m'gemumo. Iwo ali ndi mphamvu yobweza ngakhale nthawi ya Google yatha, ngakhale kuti ena amachedwa kuyankha. Dziwaninso kuti ndalama zikabwezedwa, zinthu zogulidwa zija zimachotsedwa, ndipo magemu ena, kuphatikizapo Roblox, akhoza kutseka akaunti yonse imene inagula popanda chilolezo. Ndi bwino kumuuziratu mwana zimenezi asanazione yekha.

Ku banki kukhale komalizira. Banki ikhoza kutsutsa kulipirako kudzera ku Visa kapena Mastercard, koma njira imeneyi inakonzedwera kubedwa kwenikweni ndi katundu amene sanafike. Imatenga masabata, banki ikhoza kukana itamva kuti wogula ndi mwana wanu, ndipo makampani ambiri amatseka akaunti ya munthu amene wabweza ndalama mwanjira imeneyi. Chimene banki ingakuthandizeni tsiku lomwelo ndi kuletsa khadiyo kulipira pa intaneti.

Amene ali ndi iPhone amapita ku `reportaproblem.apple.com`, n'kusankha `Request a refund`. Pa zifukwa zimene zandandalikidwa pali china chonena ndendende za mwana amene wagula popanda chilolezo. Apple imayankha pakati pa maola 24 ndi 48, ndipo pa uthenga wa ku banki dzina lawo limaoneka ngati `apple.com/bill`.

Pali kugula kwina kumene sikutha ndi tsiku limodzi. Mwana akhoza kuvomera kulipira kwa sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, kawirikawiri atakopeka ndi masiku oyamba aulere. Kufufuta gemu sikuletsa kulipira kotere, ndipo ndalama zimapitiriza kuchoka ngakhale gemuyo kulibenso m'foni. Muyenera kulowa pa `Subscriptions` mu Play Store n'kuletsa chimodzi ndi chimodzi.

Kutseka njira yogulira kumatenga mphindi zochepa. Mu Play Store, pansi pa `Payments & subscriptions`, pali `Purchase verification`. Sankhani `Always`, osati `Every 30 minutes`, chifukwa mphindi 30 zija ndi mpata womwe uja unabweretsa mlandu wa 2014. Pa iPhone lowani mu `Screen Time`, kenako `Content & Privacy Restrictions`, ndipo pa `In-app Purchases` musankhe `Don't Allow`. Ngati simugula zinthu pafupipafupi, ingochotsani khadiyo pa akaunti, mudzailowetsa tsiku limene mwaifuna. Ngati mwana ali ndi foni yakeyake, Family Link ya Google ndi Ask to Buy ya Apple zimachititsa kuti pempho logula lizifika pa foni ya kholo kaye.

Onaninso zala zimene foni yanu imazizindikira. Makolo ambiri analembetsa chala cha mwana kuti azitsegula foni yekha osawavutitsa. Ngati mwasankha kuti kugula kuzitsimikizidwa ndi chala, chala chilichonse cholembetsedwa pa foniyo chimavomerezedwa, ndipo cha mwana chimagula mofanana ndi chanu. Chifufuteni, kapena sankhani kuti kugula kuzifuna pasiwedi ya akaunti ya Google, imene isafanane ndi nambala yotsegulira foni imene mwana amaidziwa kale.