Kasitomala wakondwa, koma umboni wake sukubwera

"Mayi, mundilembereko mawu ochepa oti ndizionetsa anthu ena." Amisiri ambiri amapempha motere, ndipo yankho lake timalidziwa tonse: "Chabwino, ndilemba madzulo." Madzulowo safika. Mmisiri amayamba kudzikayikira kuti mwina ntchito sinakome, chonsecho mayiwo anasangalala zenizeni. Chavuta n'chakuti wawapatsa ntchito ya kusukulu, yoti akhale pansi, aganize poyambira, asankhe Chichewa kapena Chingerezi, kwinaku akuopa kulakwitsa kalembedwe.

Tiyerekeze telala wa ku Ndirande amene wasoka madiresi 6 a operekeza mkwatibwi, nsalu atailandira kutatsala masiku 10 okha. Tsiku lodzatenga zovala si loyenera kupempha umboni. Mayi wa mkwatibwi ali ndi zambiri m'mutu, akuwerenga ndalama yotsala, ndipo madiresiwo sanavalidwe. Ukwati uli Loweruka, Lamulungu onse atopa. Lolemba kapena Lachiwiri mayiwo akatumiza zithunzi pa WhatsApp n'kunena kuti anthu ankafunsa kuti wasoka ndani, mpata ndi umenewo, chifukwa ayamba okha kuyamikira. Pakatha mwezi amangokumbukira kuti zinayenda bwino, tsatanetsatane atauluka.

Telalayo ayambe ndi kuthokoza, kenako afunse funso lokhala ndi malire: "Mayi, musanandipatse nsalu ija, nkhawa yanu inali yotani? Nanga zinatha bwanji? Musavutike kulemba, ingondiyankhani ndi mawu pafoni, mphindi imodzi yakwana."

Funso la nkhawali ndi limene limagwira ntchito yonse. Mukafunsa kuti "Mwaiona bwanji ntchito yanga?" mudzamva kuti "Mumatha, pitirizani." Mawu okoma ndithu, koma sangakope munthu, pakuti aliyense amawanena, ngakhale kwa telala amene anakhotetsa kolala. Wofuna kusoketsa zovala za ukwati ali ndi mantha ake: kuti telala adzamuzengereza mpaka usiku wa Lachisanu, kuti adzawononga nsalu yodula, kuti foni adzazimitsa. Mayi uja akayankha kuti ankaopa kuti masiku 10 sakwana, koma madiresi onse anawatenga Lachinayi, ndipo imodzi imene inathina m'chiuno inakonzedwa tsiku lomwelo, ndiye kuti wayankha mantha a kasitomala wotsatira. Za diresi yothinayo musachotse. Umboni wopanda kabanga n'komwe anthu amauganizira kuti walembedwa ndi mlamu wanu.

Kulankhula n'kopepuka kuposa kulemba, makamaka kwa achikulire amene sakonda kutayipa pafoni. Kanema ndiye wolemetsa: amafuna kuti munthu asambe, avale bwino, apeze malo owala, komanso amadya bandulo. Musayambire pamenepo.

Ntchito yolemba ikhale yanu. Mverani mawuwo, muwafupikitse kukhala ziganizo ziwiri kapena zitatu, m'chilankhulo chimene mwiniwake walankhula ndiponso m'mawu ake omwe. Ngati anati "sanandiyendetse", lembani "sanandiyendetse", osakongoletsa. Mukatero mubwezereni: "Ndalemba chonchi, mayi. Zili bwino, kapena pali pofuna kusintha?" Apa iwo angoyankha kuti "Eya". Malire ake ndi akuti simuwonjezera zimene sananene. Kuwalembera kuti ndinu telala wotchipa mu Blantyre monse, iwo asanatchule za mtengo, n'kunamiza ogula, ndipo kutsatsa malonda monama ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandirira madandaulo.

Mu uthenga womwewo funsani za dzina ndi chithunzi, ndipo mupereke posankha: dzina lonse, dzina loyamba ndi dera lokha, kapena kungoti "mayi wa mkwatibwi, Chilomoni". Nenaninso kumene mukaike, kaya pa Status, pa Facebook kapena pakhoma la shopu. Munthu akhoza kulola mawu ake koma osafuna nkhope yake, ndipo chithunzi cha operekeza 6 chili ndi eni ake 6, amene mayiwo sangawavomerere. Kujambula macheza a pa WhatsApp n'kuwaika poyera nambala ikuoneka ndi kulakwa kofala, ndipo kumathawitsa makasitomala amene sakonda kutchuka.

Nanga akapanda kuyankha? Akumbutseni kamodzi patatha masiku atatu kapena anayi, mowapatsa potulukira: "Ngati mwatanganidwa, musadandaule." Akakhalabe chete, asiyeni. Kwathu kuno ambiri sakana pamaso, amakana ndi chete, ndipo mukawakakamiza mudzataya kasitomala amene akanabweranso ndi nsalu ya chinkhoswe cha mwana wachiwiri. Koma mukaona kuti munthu amene amayankha msanga wangoti zii, muimbireni mumufunse ngati zovala zinakhala bwino. Mwina pali zipi imene inatseguka pakati pa gule.