Kufupikitsa Nkhani Yaitali ndi Kukonza Mafunso Atatu a M'kalasi

M'sukulu za ukachenjede, ngakhalenso kusekondale, aphunzitsi amakonda kugawa ophunzira m'magulu ndi kupatsa gulu lililonse mutu wa buku kapena lipoti lalitali. Mmodzi amasankhidwa kuti awerenge mozama, afotokozere anzake mwachidule, kenako abweretse mafunso atatu okambirana m'kalasi. Ambiri amapunthwa pamalo amodzi. Amayesa kuti kufupikitsa nkhani ndi kuyifotokoza yonse mothamanga, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, chonsecho ntchito yawo ndi kupeza mfundo imene wolembayo akuyimira ndi umboni umene watsamira.

Titenge chitsanzo chimene ophunzira mbiri ya dziko lino angakumane nacho: lipoti la komiti yofufuza ya Devlin, lomwe lidatuluka mu Julaye 1959. Pa 3 Malichi chaka chimenecho, Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti Nyasaland ili pa chiopsezo. Dr. Hastings Kamuzu Banda adamangidwa ndi kutumizidwa kundende ya ku Gwelo, m'dziko la Southern Rhodesia. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa, ndipo pafupifupi 50 adaphedwa, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay. Boma lidati atsogoleri a Nyasaland African Congress adakonza chiwembu chofuna kupha azungu ndi akuluakulu a boma. Boma la Britain lidatuma anthu anayi, motsogozedwa ndi woweruza milandu Patrick Devlin, kuti akafufuze.

Wophunzira wosazolowera akapatsidwa lipotili amalemba ndime imene mwangowerengayi, n'kuwonjezera masiku ndi mayina a malo mpaka tsamba kudzaza. Zonsezo ndi zoona, koma anzakewo angazipeze m'buku lililonse la mbiri. Chimene gulu likusowa ndi yankho la funso ili: Devlin ndi anzake, atamva mboni zonse, adagamula zotani?

Njira yofikira kumeneko imayamba musanawerenge mzere ndi mzere. Yambani ndi mawu otsogolera, mitu ya zigawo ndi masamba omaliza, kuti mudziwe ntchito imene olembawo adapatsidwa ndi kumene adathera. Mukatero werengani bwinobwino, ndipo pomaliza chigawo chilichonse lembani chiganizo chimodzi chokha chonena zimene chigawocho chapeza, ndi nambala ya tsamba pambali pake. Nambala ya tsambayo musaipeputse, chifukwa mnzanu akadzakutsutsani m'kalasi mudzatsegula pomwepo m'malo mofufuza buku lonse anthu akudikira. Mukamaliza, tsekani bukulo ndi kulemba chidule chanu poyang'ana ziganizo zanu zija basi. Buku likakhala lotsegula, dzanja limangokopera mawu a mwini wake, ndipo simudziwa ngati mwamvetsadi kapena ayi.

Chidule chokambirana pagulu chisapitirire mawu 150 kapena 200, choti n'kuwerengedwa mokweza m'mphindi ziwiri. Cha lipoti la Devlin chingamveke motere. Komitiyi ikuti boma lidali ndi chifukwa cholengezera chiopsezo, popeza ziwawa zinkakula ndipo atsogoleri ena a Congress adali atavomereza kugwiritsa ntchito mphamvu. Koma ikutinso sidapeze umboni wodalirika wa chiwembu chokonzedwa bwino chopha anthu, ngakhale kuti pamsonkhano wa pa 25 Januwale, umene Dr. Banda sadakhalepo, padalankhulidwa zomenya ndi kupha. Ikudzudzula asilikali ndi apolisi chifukwa cha nkhanza zosaloledwa ndi malamulo, monga kumenya anthu ndi kutentha nyumba. Ikupezanso kuti kudana ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kudali ponseponse pakati pa Aafirika, osati mwa atsogoleri ochepa okha, ndipo ikuti panthawiyo dzikoli linkayendetsedwa ndi mphamvu za apolisi, moti munthu sakadatha kuyamikira Congress poyera popanda mantha.

Taonani kuti pafupifupi chiganizo chilichonse chili ndi mneni wonga "ikuti", "ikudzudzula" kapena "ikupeza". Aneni amenewa amakumbutsa omvera kuti awa ndi maganizo a komiti, osati anu. Akangosowa, mawu anu ndi a wolemba amasakanikirana, ndipo gulu limayamba kutsutsana ndi inu poganiza kuti likutsutsana ndi bukulo.

Chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chiganizo choyamba chija. Mmalawi aliyense amene amakumbukira 3 Malichi ngati tsiku la anthu ofera ufulu wa dziko lino amafuna kuchisiya, chifukwa n'chowawa kumva kuti komiti idavomereza kulengeza kwa chiopsezo. Koma chidule chosiya mbali imeneyi chanamiza gulu. Chafotokoza lipoti limene wophunzirayo akadakonda kuti lilembedwe, osati limene lidalembedwa. Njira yodziyesera ndi kudzifunsa kuti, mwini wake wa nkhaniyi akadakhala pano, kodi akadavomera kuti zimene ndanenazi ndi zimene iye adatanthauza? Maganizo anu ali ndi malo ake, ndipo malowo ndi m'mafunso.

Funso lofooka limadziwika msanga. Ngati yankho lake ndi inde kapena ayi, kukambirana kumatha kusanayambe. Ngati yankho lake lili pa tsamba linalake, monga kufunsa kuti adaphedwa angati ku Nkhata Bay, amenewo ndi mayeso, ndipo amene sadawerenge amangozyolika. Palinso funso lotambalala kwambiri, monga lofunsa ngati utsamunda udali woipa, limene munthu angayankhe asanaone n'komwe chikuto cha lipotilo. Funso labwino limafuna kuti woyankha akhale atawerenga, komanso limalola anthu awiri anzeru kusiyana maganizo.

Mafunso otere amabadwa pamalo pamene mudakakamira powerenga, ndiye ndi bwino kuika chizindikiro pamalo onse otero. M'chidule chathu chija, mfundo yoyamba ndi yomaliza zikukokana, ndipo funso loyamba lili pomwepo: komiti ingavomereze bwanji kulengeza kwa chiopsezo, iyo yomweyo n'kudzudzula nkhanza zimene zidabwera ndi chiopsezocho? Kodi ziwirizi zingayendere limodzi, kapena olembawo ankafuna kusangalatsa mbali zonse? Lachiwiri likhudze umboni. Nkhani ya chiwembu idadalira kwambiri anthu okazonda amene ankatumikira apolisi. Funsani kuti, komiti idakayika mboni zimenezi pa zifukwa ziti, nanga zifukwa zomwezo tikaziyesa pa mboni za Congress, zikulimba?

Funso lachitatu likhoza kutuluka kunja kwa lipotilo pang'ono, koma lisalitaye. Boma la Britain lidakana mbali zazikulu za lipotili ndipo lidafalitsa yankho la Armitage nthawi yomweyo, komabe Dr. Banda adatulutsidwa m'ndende pa 1 Epulo 1960 ndipo Chitaganya chidatha mu 1963. Ndiye funsani anzanu kuti ndi mfundo iti ya lipotili imene akuona kuti idali yovuta kwambiri kuti boma liyinyalanyaze, ndipo atchule tsamba.

Pofika m'kalasi, yambani ndi funso la umboni, chifukwa limabweza aliyense ku bukulo ndipo ngakhale amanyazi amapeza ponena. Lokokana lija libwere pakati, anthu atatenthedwa kale. Funso lililonse mulikonzere yankho lanu lalifupi, koma mulisunge. Mukafunsa m'kalasi n'kukhala zii, dikirani pang'ono, kenako tchulani tsamba limene funsolo lachokera ndi kupempha mmodzi awerenge ndimeyo mokweza.