CITHUNZI COKONZEDWA CIKHALE NDI MAU PAMASO PAKE

LIVINGSTONE — Ambiri mwa alendo obwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amacidziwa cithunzi ca David Livingstone ali gone pansi, mkango utamgwira paphewa. Ngoziyo inacitikadi ku Mabotsa, m'dziko la South Africa, m'caka ca 1844, koma pamalopo panalibe kamera. Cithunzico cinajambulidwa pamanja ku Mangalande kuti cilowe m'buku lake la 1857, ndipo mwiniwake anadandaula kwa wosindikiza, John Murray, kuti sicinaoneke bwino.

Wowerenga wa masiku amenewo anali kuzindikira nchito ya manja poona timizere ta mmisiri. Lero makina a kompyuta amapanga nkhope ya munthu weniweni popanda kamzere konse, motero ncofunika kuti wokonza cithunzi aulule yekha zimene wacita.

Nkhaniyi ikhudza kwambiri ojambula a mumzinda muno. Mlendo angafike mu Epulo nafuna cithunzi ali m'dziwe la Devil's Pool, pamlomo peni-peni pa mathithi. Mwezi umenewo Zambezi amakhala wodzaza ndipo dziwelo ndi lotseka, pakuti kusambamo kumaloledwa madzi akacepa, makamaka kuyambira mu Ogasiti kufikira ca mu Januwale. Wojambula angathe kumjambula mlendoyo ali pabwalo la hotela, ndi kumuika m'dziwemo ndi kompyuta. Wakuno adzaseka poona miyala youma ya m'cilimwe pa cithunzi ca mu Epulo. Koma mbale wa mlendoyo ku Ndola adzakhulupirira, ndipo angaononge ndalama za ulendo m'mwezi wolakwika.

Kulemba mau pansi pa cithunzi potumiza sikukwanira, cifukwa cithunzi cikayamba kuyenda m'mafoni mauwo amatsalira m'mbuyo. Mbiri yobisika m'kati mwa cithunzi, imene makina ena amalembamo, nayonso imafafanizika munthu akajambulanso zimene zili pagalasi la foni. Mau ayenera kudindidwa pacithunzi peni-peni, pafupi ndi munthuyo, pakuti a m'mphepete amadulidwa mosabvuta.

Mauwo anenenso cimene casinthidwa. “Munthuyu sanali pamalo ano” ndi mau othandiza koposa “cokonzedwa”, popeza kuwalitsa cithunzi ca mdima nakonso ndi kukonza, ngakhale sikunamiza munthu. Kampani ya Meta, mwini wa Facebook, inakumana ndi bvuto lomweli mu 2024. Inayamba kuika mau akuti “Made with AI” pa zithunzi, koma ojambula anadandaula kuti cizindikiroco cinali kugweranso zithunzi zoona zimene anangocotsapo kadontho. Mu Julaye caka comweco mauwo anasinthidwa kukhala “AI info”, amene sauzabe woona ngati casinthidwa ndi nkhope, malo kapena kadontho cabe.