Kujambula mawu pa foni chigayo chikulira

Ambiri amene amapanga makanema afupiafupi otsatsa malonda amadandaula chinthu chimodzi: zithunzi zaoneka bwino, koma mawu ofotokozera akumveka ngati munthu akulankhulira m'mgolo, kumbuyoku tambala akulira. Akatero amayamba kuganiza zogula foni yodula kapena kusakasaka pulogalamu yochotsa phokoso. Ine ndimati ndalamazo zisungeni kaye. Mawu abwino amachokera pa zinthu ziwiri zosalira ndalama, malo amene mwaika foni ndi mmene mwalembera zoti munene.

Tiyerekeze telala wa m'tauni amene akufuna kujambula mawu a mphindi imodzi otsatsa mayunifomu a sukulu. Chipinda chake n'cha simenti pansi, denga la malata lopanda siling'i. Kuseri kuli chigayo, kumaso kuli msewu wa minibasi, ndipo mnzake akusoka pa makina pakhonde.

Kawirikawiri munthu wotere amagoneka foni patebulo, masentimita 60 kuchokera pakamwa, n'kuyamba kuwerenga. Apa ndi pamene zinthu zimaonongekera. Mawu amafooka msanga akamayenda, moti mukadula mtunda pakati, mphamvu ya mawu ofika pa maikolofoni imakwera ndi madesibele pafupifupi 6. Desibele ndi muyeso wa kukula kwa phokoso. Telala akachotsa foni pa masentimita 60 n'kuibweretsa pa 30, wapindula 6. Akaifikitsa pa 15, wapindula enanso 6, onse pamodzi 12. Chigayo chija sichinasunthe, ndiye phokoso lake likufika chimodzimodzi, pamene mawu ake akwera kwambiri pamwamba pake. Palibe pulogalamu imene ingakupatseni phindu lotero popanda kuononga mawu.

Kuyandikira kulinso ndi malire ake. Pa mafoni ambiri maikolofoni yaikulu ili kumunsi, pafupi ndi potchajira, ndipo kumeneko n'kumene kuyang'ane kwa inu. Koma mukailozetsa ndendende pamilomo, mpweya wotuluka ponena mawu ngati "phukusi" kapena "thumba" umaomba maikolofoni n'kumveka ngati wina wamenya chitseko. Ikani foni chakumbali pang'ono, cha kutsaya, kuti mpweya uzidutsa. Kuti mudziwe malo abwino, ikani chikhatho pamene pali foni n'kunena "phala". Ngati mwamva mpweya pachikhatho, sunthani. Foniyo itsamiritseni pa chinthu chofewa m'malo moigwira, chifukwa zala zikamayenda pa foni zimamveka.

Mawu a m'mgolo aja sachokera kunja, amachokera m'chipinda momwemo. Simenti, malata ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu anu, ndipo amafika pa maikolofoni kachiwiri mochedwa pang'ono. Ombani m'manja kamodzi. Mukamva kamkokomo kotsalira, chipindacho chikubweza mawu. Telala wathu ali ndi mwayi poti nsalu ali nazo zambiri. Akhale pakona pamene papachikidwa zovala, ayale bulangete pansi, lina alipachike kumbuyo kwake. Komabe tisanamizane: bulangete limachepetsa mkokomo wa m'chipinda, silitseka kugunda kwa chigayo. Phokoso lakuya ngati limenelo limadutsa ngakhale khoma. Chimene chimathandiza ndi kutseka zitseko ndi mawindo, n'kukhala kumbali yotalikira chigayocho.

Asanayambe, aike foni pa Airplane mode kuti wina asaimbe pakati pa ntchito, ndipo aichotse pa tchaja poti matchaja ena amalowetsa kamlulu m'mawu. Agwiritse ntchito pulogalamu yojambulira mawu ya mufoni, osati uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, umene umafinya mawu kuti fayilo ichepe. Ajambule masekondi 20 oyesera, amvere pa mahedifoni. Sipika ya foni imabisa phokoso lakuya, ndiye mumaganiza kuti zili bwino pamene sizili bwino.

Tsopano nkhani ya kalembedwe, imene ambiri saiganizira n'komwe. Musanalembe, khalani chete mphindi zingapo, mumvetsere chipinda chanu. Mupeza kuti phokoso lili mitundu iwiri. Pali losalekeza, ngati la chigayo, jenereta, fani kapena filiji. Palinso lodzidzimutsa, ngati hutala, galu, kondakitala woitanira anthu. Losalekeza limachepetseka pokonza mawu pambuyo pake. Lodzidzimutsa likagwera pamwamba pa liwu lanu, kulichotsa bwinobwino n'kovuta kwambiri, ndiye muyenera kulizemba, ndipo mumalizemba ndi cholembera.

Telala akhoza kulemba chonchi: "Makolo nonse amene mukufuna mayunifomu abwino, olimba komanso otsika mtengo a ana anu a pulaimale ndi sekondale, bwerani kuno chifukwa timasoka mwachangu ndipo simudzakhumudwa." Chiganizo chimenechi n'chachitali, ndipo minibasi ikaliza hutala pakati, chonse chafa. Achidule motere:

"Sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa.
Yunifomu ya mwana wanu yakonzeka?
Timasoka za pulaimale ndi za sekondale.
Mukabweretsa muyeso lero, mutenga Lachisanu."

Mzere uliwonse ndi wa mpweya umodzi, masekondi awiri kapena atatu, ndipo umakwana m'kampata ka pakati pa galimoto ina ndi inzake. Hutala ikalira, asaimitse kujambula. Adikire, aombe m'manja kamodzi, abwereze mzerewo kuyambira pachiyambi. Kuomba kuja kumaoneka ngati kamzere kakatali pa chithunzi cha mawu, ndipo pokonza savutika kupeza polakwika. Kubwereza kuyambira pakati pa mzere sikuthandiza chifukwa mamvekedwe a liwu sagwirizana polumikiza. Mzere wa mtengo, wa tsiku ndi wa malo aunene kawiri ngakhale palibe chalakwika, poti mizere imeneyi ndi imene womvera sayenera kuiphonya.

Nanga makina osokera aja? Apa maganizo anga ndi oti asawathamangitse onse. Phokoso limasokoneza womvera ngati sakudziwa gwero lake. Telala akayamba ndi mawu oti "Mukumvawo ndi makina athu, tili mkati mosoka," phokosolo lasanduka umboni woti ntchito ikuyenda. Ajambule makinawo paokha masekondi angapo, kenako apemphe mnzake apumule kaye, makinawo adzawaike pansi pa mawu pokonza, motsitsa. Wogulitsa nkhuku sangaope tambala pa chifukwa chomwecho. Koma wailesi kapena nyimbo ya kwa aneba ilibe chikhululukiro. Mukadula mawu anu, nyimbo yakumbuyo imadumpha, ndipo khutu la aliyense limagwira pamene mwadula. Apo ndi pofunika kukapempha mwaulemu kuti atsitse, apo ayi dikirani.

Pomaliza kuwerenga, asiye foni ijambule masekondi 15 iye ali chete, osasuntha. Kachidutswa kameneka n'kothandiza pawiri. Kamatseka mipata pakati pa mizere kuti phokoso la chipinda lisamazime ndi kuyaka. Komanso pa pulogalamu yaulere ya pakompyuta ya Audacity, mumasankha kachidutswako, n'kupita pa Noise Reduction, n'kudina Get Noise Profile kuti pulogalamu idziwe phokoso loti ichepetse. Chepetsani pang'ono chabe. Mukapyola muyeso, mawu amamveka ngati achitsulo, ndipo womvera amapirira chigayo chomvekera patali kusiyana ndi mawu otero.

Ngati mvula ikugwa padenga la malata, musadzivutitse ndi zonsezi. Dikirani ikate.